Kalata ya imelo yolongosola chithunzi cha netiweki seva isanasamutsidwe

Iyi ndi kalata imene katswiri wa makompyuta amatumizira mnzake wa pantchito seva isanasamutsidwe, pomuuza kawerengedwe ka chithunzi chosonyeza momwe zipangizo zalumikizidwira. Chitsanzo ndi bungwe lomwe likuchotsa seva ku Namitete kupita nayo mumzinda wa Lilongwe, pamene maofesi a ku Nsaru ndi Kabudula amaidalira. Kalatayo imatere:

"Achimwene, yambirani pamwamba, pamene intaneti imalowera, mutsikire pa rauta, kenako pa swichi, mpaka mufike pa seva. Mizere yodukaduka pachithunzichi ndi VPN ya maofesi akutali. Seva yalembedwa 192.168.10.5/24, kutanthauza kuti makompyuta onse oyamba ndi 192.168.10 ali pa netiweki imodzi ndipo amalankhula nayo osadzera pa rauta. A ku Nsaru ali pa 192.168.20.0/24, choncho amadzera pa VPN. Seva ikalandira adiresi yatsopano, musinthe malamulo a fayawo ndi DNS. Mukapanda kutero, seva idzayaka bwinobwino koma a ku Nsaru sadzaipeza. Musanazule chingwe, yerekezani chithunzichi ndi zomwe `tracert 192.168.10.5` ikuonetsa kuchokera ku Nsaru. Zikasiyana, chithunzi ndi chakale, ndipo tiyambe tachikonza."