Khansa ya mayeloma

Mayeloma ndi khansa yoyambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwa. Imagwira maselo a pulazima, omwe ntchito yawo ndi kupanga maantibode, mapuloteni amene amakakamira tizilombo toyambitsa matenda kuti thupi litiwononge. Ambiri amene amapezeka nayo ndi opitirira zaka 60, amuna amachulukirapo pang'ono, ndipo ku America anthu akuda amadwala matendawa pafupifupi kawiri kuposa azungu. Si matenda opatsirana.

Mwa munthu wabwinobwino, maselo a pulazima safika 5 pa maselo 100 aliwonse a m'mafuta a m'mafupa, ndipo alipo amitundumitundu, uliwonse ndi antibode yakeyake. Mayeloma imayamba pamene selo limodzi lasokonekera n'kuyamba kuswana mosalekeza. Ana ake onse amafanana nalo, choncho onse amatulutsa antibode ya mtundu umodzi, yochuluka koma yopanda ntchito. Madokotala amaitcha puloteni ya M. Maselowa akafika 10 kapena kuposa pa 100 aliwonse, ndipo ziwalo zayamba kuwonongeka, amati ndi mayeloma. Khansayi isanafike, pamadutsa zaka zambiri puloteni ya M ili m'magazi pang'ono chabe, munthu osamva kanthu, ndipo mwa anthu 100 otere, pafupifupi mmodzi pachaka ndiye amafika podwala.

Mafupa

Fupa la munthu wamoyo limakonzedwa tsiku ndi tsiku. Pali maselo ogumula fupa lakale ndi ena omanga latsopano, ndipo ntchito ziwirizi zimayendera limodzi. Maselo a mayeloma amatulutsa zinthu zofulumizitsa ogumula, kwinaku akufooketsa omanga. Fupa limadyeka m'kati ngati nsichi yolowa chiswe, kunja likuoneka lamphumphu. Pachithunzi cha ekisileyi pamaoneka timabowo tozungulira, makamaka m'chigaza, m'nthiti, m'chiuno ndi m'mafupa a msana. Popeza omanga aja afooka, mabowowa satsekeka kawirikawiri ngakhale khansa itagonja ku mankhwala.

Ululu wa msana kapena wa nthiti ndiwo umatengera odwala ambiri kuchipatala. Fupa la msana likhoza kuphwanyika munthu akungonyamula ndowa ya madzi, ndipo ena amafupika msinkhu. Choopsa kwambiri ndi pamene fupa lophwanyika kapena chotupa chapanikiza mtsempha waukulu wa mu msana. Miyendo imachita dzanzi, imafooka, mkodzo umakanika kapena umangotuluka wokha. Zikatere wodwala afike kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kumasiya munthu wolumala.

Fupa likamagumuka, kashiyamu wake amatsanukira m'magazi. Akapitirira 2.75 mmol/L, munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amadzimbidwa, ndipo nthawi zina mutu umasokonezeka. Kukodza kotereku kumaumitsa thupi, ndipo apa m'pamene vuto la mafupa limasanduka vuto la impso.

Impso

Antibode iliyonse ili ndi zidutswa zinayi, ziwiri zikuluzikulu ndi ziwiri zing'onozing'ono. Maselo a mayeloma amapanga zing'onozing'onozo mopitirira muyeso, ndipo mwa odwala ena amapanga zokhazo basi. Chifukwa cha kuchepa kwake, tizidutswati timadutsa pa sefa ya impso n'kulowa m'timachubu momwe mkodzo umapangidwa. Tikakhala tochepa impso imatiyamwa n'kutiphwanya. Tikachuluka timapsereza makoma a timachubuto, ndipo kumunsi kwake timagwirana ndi puloteni ina imene impso imapanga yokha, n'kuundana kukhala timapulagi totseka njira. Kachubu kotsekeka kamatupa, kenako kamafa.

Tizidutswati tinadziwika kalekale, anthu asanadziwe gwero lake. Mu 1845, dokotala wa ku London, William Macintyre, anaona kuti mkodzo wa wodwala wake wina wopweteka mafupa umachita mitambo akautenthetsa. Henry Bence Jones anaufufuza mkodzowo ndi kulemba za puloteniyo, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Chofunika kudziwa n'chakuti kapepala koviika mu mkodzo, kamene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito, sikaigwira bwino puloteni imeneyi. Kapepala kakhoza kusonyeza kuti mkodzo uli bwino pamene impso zikutsekeka.

Timapulagi timapangika msanga mkodzo ukachepa. N'chifukwa chake kutsekula m'mimba, kutentha thupi, kashiyamu wochuluka ndi mankhwala opha ululu monga bulufeni, dikilofenaki ndi indosidi zimatha kugwetsa impso m'masiku ochepa. Mankhwala atatuwa amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ndi omwe munthu wa msana wopweteka amayamba kugula. Impso zikathandizidwa msanga, nthawi zambiri zimatsitsimuka. Zikakhalitsa zotsekeka, wodwala amafunika makina osefa magazi.

Chitetezo cha m'thupi

Magazi a wodwala mayeloma amadzaza maantibode, koma iye amagwidwa matenda mosavuta. Maselo oipa amalanda malo ndi kupondereza maselo abwino a pulazima, moti maantibode enieni amatsika. Chibayo chobwerabwera, matenda a m'njira ya mkodzo ndi mashingozi zimachuluka, ndipo m'miyezi yoyamba atapezeka ndi khansayi, matenda oterewa ndiwo amapha ambiri. Kupanikizana komweko kumachepetsa maselo ofiira, munthu n'kumangotopa ndi kupuma mwabefu.

Kuzindikira matendawa

Tiyerekeze bambo wa zaka 64 amene msana wamupweteka miyezi inayi, wadwala chibayo kawiri, ndipo wakhala akumwa bulufeni tsiku lililonse. Himogulobini yake ndi 8.5 g/dL, pansi pa malire a 10. Kiliyatinini, amene amakwera impso zikafooka, ali pa 260 µmol/L, kupitirira malire a 177. Kashiyamu ali pa 3.0. Mapuloteni onse m'magazi ndi 105 g/L pamene mwa munthu wabwino amakhala pakati pa 60 ndi 80, koma alubumini ndi 30 yokha. Tikachotsa 30 pa 105 patsala 75, chiwerengero chachikulu kwambiri, ndipo funso ndi lakuti mapuloteni otsalawo ndi a mtundu wanji.

Kuno kwathu funsoli ndi lofunika. Kachilombo ka HIV ndi chifuwa chachikulu nazonso zimakweza maantibode, ndipo TB ya msana imaphwanya mafupa ndi kufooketsa miyendo mofanana ndi mayeloma. Kusiyana kumaoneka akayeza magazi ndi makina olekanitsa mapuloteni pogwiritsa ntchito magetsi. Pa HIV kapena TB maantibode okwerawo ndi amitundumitundu, choncho chithunzi chimaonetsa chitunda chotambalala. Pa mayeloma chimaonetsa nsonga imodzi yopyapyala. Kutsimikiza kwake n'kutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno ndi singano ndi kuwerenga maselo a pulazima. Munthu wachikulire amene akumwa mankhwala a TB ya msana koma osasintha, magazi ali ochepa ndi impso zofooka, ayenera kuyezedwa mayeloma.

Chithandizo

Kwa bambo uja, choyamba ndi kupulumutsa impso: kusiya bulufeni, kuikidwa madzi a m'diripi, kutsitsa kashiyamu, ndi kuyamba msanga mankhwala ochepetsa tizidutswa tija. Odwala ambiri amalangizidwa kumwa madzi okwana malita awiri kapena atatu patsiku, pokhapokha ngati mtima kapena impso sizingathe kuwatulutsa. Mankhwala a khansayi amaperekedwa mophatikiza, monga botezomibu, thalidomayidi kapena lenalidomayidi, pamodzi ndi dekisamethazoni. Thalidomayidi ndi lenalidomayidi amalumalitsa mwana wosabadwa, choncho saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Jakisoni wa zoleduloneti amachepetsa kugumuka kwa mafupa, koma mlingo wake umatengera mphamvu ya impso. Odwala amene thupi lawo likadali lolimba amapatsidwa melufalani wamphamvu, kenako n'kubwezeredwa maselo awo omwe opanga magazi, amene anatengedwa ndi kusungidwa pasadakhale.

Kwa odwala ambiri mayeloma sichiritsika kotheratu. Imagonja, imakhala chete miyezi kapena zaka, kenako imabwerera. Pa chifukwa chimenechi puloteni ya M imayezedwa nthawi ndi nthawi, pakuti imayamba kukwera wodwala asanamve ululu uliwonse, ndipo mankhwala ena akhoza kuyambidwa mafupa ndi impso zisanawonongekenso.