Malonje a m'Kalata pa Mseu wa Kacholola

Munthu wocokera ku Lusaka kupita kum'mawa, akaoloka mtsinje wa Luangwa nakwera mapiri, amafika pa Kacholola asanafike pa Nyimba. Malo amenewa ali m'dziko la Ansenga, ndipo m'masiku a Azungu anali kulamulidwa ndi boma la pa Petauke. Pamene mseu waukulu wa ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, unakonzeka ndipo ulalo unamangidwa pa Luangwa m'zaka za m'ma 1930, malole anayamba kupita pamenepo ndi anthu, katundu ndi matumba a makalata. Kalata inakhala mthenga watsopano wa anthu a m'midzi. Koma mthenga ameneyu analibe maondo akugwada nao kapena manja akuomba nao m'manja, motero ulemu wace wonse unatsalira m'mau awiri kapena atatu a pamwamba ndi a pansi pa pepala.

Kalata isanadze, ulemu unali kuoneka ndi maso. Mlendo anali kuodira ali panja, nadikira kuti amlandire. Wamng'ono anali kukhala pansi kapena kunjuta pamaso pa wamkulu, naomba m'manja, ndipo pofunsana moyo Ansenga amati, "Muli tyani?" Munthu wamkulu sanali kuchulidwa dzina lace laubwana, anali kumchula ndi dzina la pfuko lace kapena la mwana wace. Kwa mfumu munthu wamba sanali kungofikira yekha, koma anali kudzera mwa nduna kapena mwa mfumu ya mudzi wace. Mkamwini anali kupatuka m'njira akaona apongozi ace, pamene mlamu ndi msuwani anali anthu oseka nao. Motero mwana aliyense anakula alikudziwa kuti malonje amasiyana monga mwa munthu amene alikumpatsa moni.

Kulemba kunadza ndi amisyoni. A Dutch Reformed Church anatsegula misyoni pa Nyanje m'caka ca 1905 ndi pa Hofmeyr, kufupi ndi Nyimba, m'caka ca 1914, ndipo m'sukulu zao ana a Ansenga anaphunzira kulemba Cinyanja. Nthawi yomweyo msonkho unali kutulutsa amuna m'midzi kukafuna ndalama ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Amuna amenewa ndiwo anayamba kutumiza makalata kwao. Kalata ya kusukulu inali kuyamba ndi mau akuti "Wokondedwa," amene anatengedwa ku cizolowezi ca Angerezi. Kwa Mngerezi mau amenewo anali atatha kale mphamvu, kotero kuti anali kuwalemba ngakhale kwa munthu wom'kongola ndalama. Koma m'Cinyanja mauwo anali amoyo, ndipo anali kumveka monga momwe alili.

Apa mpamene panagona bvuto loyamba. Anthu ambiri a m'midzi sanali kudziwa kuwerenga, ndipo kalata ikafika anali kuitana mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kuti aiwerenge mokweza, abale ali cete kumvetsera. Mau a pamwamba ndiwo anali kuyamba kumveka. Munthu wolembera mkazi wa mnzace kuti "Wokondedwa wanga" akanatha kuutsa mlandu pabwalo, cinkana m'kalatamo munali nkhani ya ndalama za bulangete cabe. Mkamwini wolembera apongozi ace nawachula dzina anali kucititsa manyazi akwao onse, pakuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Cifukwa cace olemba ocenjera anabwezera mwambo wa pamudzi m'kalata: kwa amalume analemba "Kwa amalume," kwa mkazi wa mwini "Kwa amai ace a uje," ndipo potsiriza anadzichula monga mwa cibale, kuti "Ndine mphwanu" kapena "Ndine mwana wanu."

Mwambo wacitatu unali wa boma. Dziko la Northern Rhodesia linacoka m'manja mwa kampani ya British South Africa m'caka ca 1924 nililowa m'manja mwa boma la ku London, ndipo lamulo la m'caka ca 1929 linapatsa mafumu mphamvu yakuweruza milandu ndi kusunga midzi pansi pa Bwana Disi. Kuyambira pamenepo mafumu onga Kalindawalo, Nyalugwe ndi Ndake anakhala ndi makalaliki ndi akapaso, ndipo makalata anacuruka pakati pa mabwalo ao ndi boma la pa Petauke. Kalata ya boma inali ndi maumbidwe ace osasintha. Inali kuyamba ndi liu limodzi lokha lakuti "Bwana," kenaka mutu wa nkhani wolembedwa mzere kunsi kwace, ndipo inali kutha ndi mau a Cingerezi otanthauza kuti wolembayo ali ndi ulemu wakukhala mtumiki womvera wa amene alikumlembera. Codabwitsa ncakuti mau amenewa sanali a anthu ang'ono okha: Bwana Disi nayenso anali kuwalemba kwa akulu ace a ku Fort Jameson, ngakhalenso poyankha munthu wamba m'kalata ya boma. Anali mau a udindo, osati a mtima.

Powatembenuza m'Cinyanja ena analemba kuti "Ndine kapolo wanu." Koma liu lakuti kapolo linali lolemera m'cigwa ca Luangwa, kumene Acikunda a Matakenya ocokera ku Zumbo anali kugwira anthu ukapolo m'zaka za m'ma 1800, ndipo nkhalamba zokumbukira zimenezo zinali zikali moyo. Liu lakuti mtumiki kapena wanchito ndilo linali kufanana bwino ndi la Cingerezi lija.

Kuti zimenezi zioneke bwino, nkoyenera kuyerekeza mnyamata wa pa Kacholola amene watsiriza Sitandade 6 m'zaka za m'ma 1950, nafuna nchito ya ukalaliki. Pa tsiku limodzi akanatha kulemba makalata atatu a nkhani imodzi yomweyo.

Yoyamba ndiyo ya kwa Bwana Disi. Pamwamba kudzanja lamanja alemba keyala yace ndi tsiku. Kunsi kudzanja lamanzere alemba udindo wa bwanayo ndi malo, osati dzina lace, pakuti mabwana anali kusinthidwa kawirikawiri koma mpando unali kutsala. Malonje ndi "Bwana" basi. Safunsa za moyo wa bwanayo, kapena kusimba za mvula ndi mapira, cinkana pamudzi kulumpha zimenezi ndi mwano. Cifukwa cace ncakuti kalatayo siinali kupita kwa munthu mmodzi: kalaliki anali kuitsegula, kuidinda tsiku, ndi kuiika m'faelo monga mwa mutu wace, ndipo kalata yobisa nkhani yace pansi pa mizere khumi ya malonje inali kucedwa kupeza malo ace. Potsiriza alemba "Ndine mtumiki wanu womvera," nasaina dzina lace lonse. Akadakhala kuti ali kale pa nchito ya boma, sakadalembera wamkulu wa patali mwacindunji, koma kudzera mwa kapitao wace, polemba zilembo u.f.s. patsogolo pa udindo wa kapitaoyo. Njira imeneyi siinali yacilendo kwa munthu wodziwa kuti kwa mfumu amafikako kudzera mwa nduna.

Yaciwiri ndiyo ya kwa mnzace wa kusukulu amene ali ku Luanshya, wom'pempha kuti amfunire malo kumeneko. Apa zonse zitembenuka. Ayamba ndi "Mnzanga" kapena "Acimwene," namchula dzina limene anali kuitanana nalo. Malonje ayenera kutalika: afunsa za moyo, anena za wace, nasimba za odwala, za maliro ndi za ana obadwa, pakuti munthu wa kutali amatsegula kalata ndi mtima uli m'mwamba, ndipo afuna kudziwa msanga ngati kumudzi kuli mtendere. Pempho lidza pambuyo pa zonsezi. Atsiriza ndi kupereka moni wa abale mmodzi mmodzi, nalemba "Ndine mnzako" ndi dzina limodzi lokha. Akadalemba "mtumiki wanu womvera" kwa ameneyu, mnzaceyo akadayesa kuti alikumnyodola, kapena kuti ukalaliki wamlowa m'mutu asanaupeze.

Yacitatu ndiyo yobvuta koposa: ya kwa mwini sitolo wa ku Lusaka amene mnyamatayo sanamuonepo. Pamudzi panalibe citsanzo cace, pakuti mlendo aliyense anali kufunsidwa pfuko lace ndi kwao mpaka cibale cipezeke. M'kalata mulibe mpata wakufunsa. Cifukwa cace ulemu wa kwa munthu wosadziwika uli pakati: ayamba ndi "Bambo" kapena "Mai," alankhula ndi "inu," nadzidziwitsa m'mzere woyamba kuti ndiye yani ndipo keyalayo anaipeza bwanji, pakuti kumeneko ndiko kuodira kwa m'kalata. Atsiriza ndi "Ine wanu wokhulupirika." Lamulo la Cingerezi linali lakuti kalata yosachula dzina pamwamba ithe ndi mau a kukhulupirika, koma yochula dzina ithe ndi mau ofewa a kuona mtima. Olembera nyuzi ya Mutende, imene boma linayamba kusindikiza m'caka ca 1936, anali ndi bvuto lomwelo, pakuti analikulembera mkonzi amene sanali kumdziwa, pamaso pa owerenga osawadziwanso.

Makalata atatuwa asonyeza njira yakudziwira colakwa. Munthu akaphimba pakati pa kalata nawerenga mzere woyamba ndi wotsiriza yokha, iwiriyo iyenera kunena cibale cimodzi. "Bwana" pamwamba ndi "Ndine mnzako" pansi sizigwirizana. "Amalume" pamwamba afuna "mphwanu" pansi. Ciyeso caciwiri ndico "iwe" ndi "inu": kalata yoyamba ndi "inu" isagwere mu "iwe" pakati, monga zimacitika wolemba akapsa mtima. Cacitatu ndico kudzifunsa amene adzaiwerenga kapena kuimva kuonjezera pa mwini wace.

Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mau akuti mtumiki womvera anayamba kucepa m'makalata, ndipo m'masiku a cipani ca UNIP akulu ndi ang'ono anali kuchulana "Komuledi," cizolowezi cimene cinazirala cipanico citacoka pa mpando m'caka ca 1991. Nyimba inakhala boma palokha, ndipo lero uthenga wambiri wa pa Kacholola umayenda pa foni. Koma wolembera mkulu wa pa nchito ayambabe ndi udindo ndi mutu wa nkhani, wolembera mnzace ayambabe ndi kufunsa moyo, ndipo mkamwini sanayambe kuchula apongozi ace dzina.