Jakisoni: kabayidwe kotetezeka

Kabayidwe kotetezeka ka jakisoni ndi njira yoperekera mankhwala pogwiritsa ntchito singano popanda kupatsira matenda wodwala, namwino kapena wotaya zinyalala.

Singano ndi sirinji zimatsegulidwa m'paketi yomata ndipo zimagwira ntchito kamodzi kokha. Kusintha singano yokha sikukwanira, chifukwa timagazi tosaoneka timabwerera m'sirinji, ndipo tingafalitse HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C. Mu 2015 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linalimbikitsa masirinji odzitseka okha akangogwira ntchito.

Asanakoke mankhwala m'kabotolo, namwino amaona dzina ndi tsiku lothera mphamvu, amapukuta mphira ya pakamwa pake ndi sipiriti, n'kudikira kuti iume. Kabotolo kobayira anthu angapo kamalembedwa tsiku lotsegulira. Makatemera ena amadzi akatsegulidwa amasungidwa m'furiji mpaka masiku 28, koma katemera wa ufa, monga wa chikuku, akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6. Wosungunulidwa 9 koloko m'mawa sapitirira 3 koloko masana, ngakhale atatsala wambiri.

Singano yogwiritsidwa kale ntchito sivundikiridwanso, pakuti anamwino ambiri amadzibaya povundikirapo. Imaponyedwa nthawi yomweyo m'chigubu cholimba chachikasu, chomwe chimatsekedwa chikadzaza magawo atatu mwa anayi. Wodzibaya mwangozi amatsuka bala ndi sopo, ndipo mankhwala oteteza ku HIV amayambidwa pasanathe maola 72.