Maukwati atatu, kaundula mmodzi

Abale athu a m'midzi amatifunsa kawirikawiri kuti ukwati weniweni pamaso pa Boma ndi uti: wa ankhoswe, wa m'tchalitchi, kapena wa ku Rejisto Sivili. Yankho lasintha katatu m'moyo wa agogo athu, ndipo mabanja ena akuyenderabe yankho lomwe linatha kale.

M'nthawi ya Apwitikizi ukwati wa ankhoswe unkaonedwa ngati nkhani ya eni nthaka, yoweruzidwa ndi mafumu. Ukwati wa Akatolika ndiwo unakwezedwa. Pangano la Konkordata, lomwe Boma la Apwitikizi linasaina ndi Likulu la Mpingo ku Roma pa 7 Meyi 1940, linapatsa ukwati wa pa guwa mphamvu ya lamulo ukalembedwa m'kaundula wa Boma, ndipo okwatirana motero sankaloledwa kusudzulana ngakhale kubwalo la milandu. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, Boma linadzipatula ku zipembedzo nkuzindikira ukwati wa ku Rejisto wokha. Kwa zaka pafupifupi 30, mayi wokwatiwa pamaso pa ankhoswe, wodalitsidwanso ndi wansembe, anali mbeta m'mabuku a dziko.

Lamulo la Banja, nambala 10/2004, ndilo linatsegula makomo atatu. Linati ukwati wa mwambo ndi wa chipembedzo uli ndi mphamvu yofanana ndi wa Boma, malinga ukhale wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, utsate zofunika za lamulo, ndipo ulembetsedwe. Mu 2011 dziko la Mozambiki linasainanso pangano ndi Roma lokhudza, mwa zina, ukwati wa Mpingo. Lamulo 22/2019 linalowa m'malo mwa la 2004: linatseka mpata wokwatitsa wa zaka 16, kotero msinkhu ndi 18 basi.

Pa ukwati wa mwambo lamulo limafuna kuti pakhale okwatiranawo, mtsogoleri wa dera wozindikirika ndi Boma, ndi mboni ziwiri, kenako chikalata chitumizidwe ku Rejisto. Ankhoswe okha sakwanira. Ifenso a m'parishi tisanamizane: dzina lolembedwa m'buku la bambo mfumu silinafike ku Boma pokhapokha chikalata chitapita. Chikalembedwa, mphamvu ya ukwati imawerengedwa kuchokera tsiku la mwambo, osati tsiku la chidindo.

Tiyeni tiyerekeze banja lochokera ku Angoniya lomwe linasamukira mumzinda wa Tete, m'dera la Filipe Samuel Magaia. Anakwatirana pamaso pa ankhoswe ndi mtsogoleri wa dera, analembetsa, anabereka ana atatu, namanga nyumba ya mametikali 800,000. Mwamuna wamwalira osasiya wilo. Popeza sanapangane zina, chuma chopezedwa m'banja ndi cha onse awiri, choncho 400,000 ndi ya mayi kale. Imeneyi si cholowa ayi, ndi thukuta lawo. Theka lotsalalo ndilo cholowa. Lamulo la Cholowa, nambala 23/2019, linaika wamasiye pamzere woyamba pamodzi ndi ana, kotero anthu anayiwa alandira 100,000 aliyense. Amalume ndi achimwene a malemu, amene mwambo umawapatsa mawu aakulu pa maliro, sapatsidwa gawo pamene ana ndi mkazi alipo.

Nanga akanapanda kulembetsa? Mayiyo sakanatayidwa konse, koma akanaima pa mwendo wina. Lamulo limazindikira mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi mokhazikika, opanda chowaletsa kukwatirana, kwa zaka zopitirira zitatu. Mu 2004 chinali chaka chimodzi. Chuma chawo chimagawidwa mofanana ndi cha okwatirana, ndipo wotsala amalowa nawo pa cholowa. Vuto lake ndi umboni. Wolembetsa amangotulutsa chikalata, pamene wosalembetsa ayenera kusonkhanitsa mboni ndi makalata a akuluakulu a dera pamene achibale ena ayamba kale kunyamula katundu. Ndipo ngati mwamunayo anali ndi ukwati wina wolembetsedwa umene sunathe, mayi wachiwiri sawerengedwa mkazi wake, ngakhale ana a nyumba zonse ziwiri ali ndi ufulu wofanana.

Pa kutha kwa banja mpamene njira zitatuzi zimasiyana kwambiri. Ankhoswe akhoza kumasula, mkamwini nanyamula zake, koma ukwati wolembetsedwa umakhalabe wamoyo m'kaundula kufikira chisudzulo chitaperekedwa ndi bwalo la milandu kapena Rejisto, ndipo kufikira pamenepo palibe angakwatirenso mwa lamulo. Chisudzulo cha Boma nachonso sichimasula sakramenti. Bwalo la Mpingo limangofufuza ngati ukwatiwo unamangidwadi poyamba, ndipo mafunso ake oyamba amakhudza ufulu wa okwatiranawo ndi kupezeka kwa wansembe ndi mboni ziwiri, monga unalamulira Msonkhano wa ku Trento mu 1563.