Chibwibwi cha ana: mmene madokotala anasinthira maganizo, ndi nthawi yoyenera kupita kuchipatala

Mwana wa zaka zitatu akayamba kunena kuti "a-a-a-amayi", agogo amati musiyeni chidzatha chokha, ena amati thamangani naye kuchipatala. Mkangano umenewu si wa m'makomo mwathu mokha. Akatswiri nawonso anakangana kwa zaka zoposa 150, ndipo mbiri yawo ikutithandiza kudziwa nthawi yodikira ndi nthawi yochitapo kanthu.

M'chaka cha 1841, dokotala wa opaleshoni wa ku Berlin, Johann Dieffenbach, ankakhulupirira kuti vuto lili pa lilime. Ankadula kachidutswa kutsinde kwa lilime, ndipo masiku amenewo mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni kunalibe. Odwala ena anamwalira, ndipo kwa ambiri chibwibwi chinabwerera bala litapola. Njirayi inasiyidwa msanga. Choncho wina akakuuzani kuti mwana wachibwibwi adulidwe kunsi kwa lilime, dziwani kuti mpeni unayesedwa kale pa lilime ndipo unalephera.

Patatha zaka pafupifupi 100, mlandu unachoka pa lilime n'kupita kwa makolo. Wendell Johnson wa ku yunivesite ya Iowa ku Amerika, yemwe nayenso anali wachibwibwi, ankaphunzitsa kuti ana onse amapunthwa polankhula, koma kholo likada nkhawa n'kutchula kuti ichi ndi chibwibwi, mwana amachita mantha ndipo chibwibwi chenicheni chimayamba. Mu 1939 wophunzira wake, Mary Tudor, anayesa ganizoli pa ana amasiye 22 a mumzinda wa Davenport. Asanu ndi mmodzi mwa iwo ankalankhula bwinobwino, koma anauzidwa mobwerezabwereza kwa miyezi ingapo kuti ayamba chibwibwi. Anawo anayamba manyazi ndi kuchepetsa zolankhula, koma akatswiri amene anaunikanso zolembazo mu 2002 anapeza kuti sizinasonyeze kuti anawo anakhala achibwibwi. Yunivesite inapepesa mu 2001, ndipo mu 2007 boma la Iowa linavomera kupereka chipukuta misozi cha madola 925,000.

Ngakhale umboni unali wofooka, ganizo la Johnson linalamulira kwa zaka zambiri. Makolo ankauzidwa kuti asatchule n'komwe za chibwibwi, angodikira. Ana ambiri ofunika thandizo ankafika kwa akatswiri atakula kale, atasekedwa kusukulu, vuto litakhazikika.

Zinthu zinasintha pamene Ehud Yairi ndi Nicoline Ambrose a ku yunivesite ya Illinois anayamba kutsatira ana kuyambira pamene chibwibwi changoyamba. Mu 1999 anafalitsa zotsatira za ana 84 amene anawatsatira kwa zaka zinayi kapena kuposerapo. Mwa ana anayi alionse, pafupifupi atatu chinawathera chokha, koma mmodzi anapitirira nacho. Apa tikuona kuti agogo akunena zoona kwa ana ambiri, koma osati onse. Funso linasanduka lakuti: mwana wachinayiyo tingamuzindikire bwanji msanga?

Nthawi yomweyo ku Sydney, m'dziko la Australia, Mark Onslow ndi anzake ankakonza njira yotchedwa Lidcombe, imene inatsutsa Johnson poyera. M'njirayi kholo limaphunzitsidwa ndi katswiri, kenako limakhala ndi mwana mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse, kumuyamikira akalankhula mosalala ndi kutchula chibwibwi mwa apo ndi apo, mwachifundo. Mu 2005 kafukufuku wa ana 54 a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi ku New Zealand anaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi inayi, chibwibwi cha ana othandizidwa chinali chosakwana theka la cha anzawo amene sanalandire njirayi. Kenako mu 2010 gulu la Dennis Drayna ku Amerika linapeza majini okhudzana ndi chibwibwi m'mabanja a ku Pakistan. Izi zinatsimikiza zimene anthu ankaona kale, kuti chibwibwi chimayenda m'magazi. Si kholo limene limachiyambitsa, ndipo kulankhula Chichewa kunyumba ndi Chingelezi kusukulu ya mkaka sikuchiyambitsanso.

Ndiye lero timadikira liti? Chibwibwi chimakonda kuyamba mwana ali ndi zaka ziwiri mpaka zinayi. Ngati chayamba miyezi yosakwana isanu ndi umodzi yapitayo, mwana sakuvutika nacho mumtima, kubanja kulibe wamkulu wachibwibwi, ndipo chikuoneka kuti chikuchepa, mungathe kudikira. Koma kudikira kwake si kukhala manja lende. Lembani tsiku limene chinayamba. Madzulo alionse lembani nambala m'kope, kuyambira 0 ngati sanachite chibwibwi mpaka 9 ngati chinali chachikulu kwambiri. Chibwibwi chimabwera n'kupita, ndiye sabata imodzi yabwino isakunamizeni. Yang'anani mmene manambala akuyendera mwezi ndi mwezi. Kunyumba mumvetsereni mpaka amalize, musamumalizire mawu, musamukalipire, ndipo akulu ake asamuyeserere.

Pitani naye kuchipatala ngati chatha miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka osachepa, ngati chinayamba atapitirira zaka zitatu ndi theka, kapena ngati kubanja kuli munthu amene anakula nacho. Anyamata ndiwo amakonda kupitirira nacho kuposa atsikana. Pitaninso ngati mawu akumukanirira pakhosi, akukoka liwu ngati "sssssukulu", akuphethira kapena kuguguda phazi kuti mawu atuluke, kapena wayamba kuopa kulankhula. Kukula kwa chibwibwi m'masabata oyamba sikutiuza ngati chidzatha, koma mwana amene akuvutika mumtima safunika kudikiritsidwa.

Tiyerekeze ana awiri. Woyamba ndi mtsikana wa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Wachita chibwibwi miyezi iwiri, amabwereza "ndi-ndi-ndikufuna" uku akuseka, kubanja kulibe wachibwibwi, ndipo m'kope manambala atsika kuchoka pa 4 kufika pa 2. Uyu timuyang'anire, tikaonanenso kusikelo pakatha miyezi itatu. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka zinayi ndi theka. Chinayamba ali ndi zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu, ndiye chatha miyezi 10. Amalume ake ndi achibwibwi, manambala akungozungulira pa 5, ndipo tsopano amaloza chinthu m'malo mochitchula. Uyu zizindikiro zamuchulukira, ndipo watsala pang'ono kuyamba sitandade 1. Apite sabata ino. Thandizo limagwira bwino mwana asanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi.

Poyambira ndi pachipatala chanu chaching'ono. Tengani buku la kuchipatala la mwana, kope la manambala lija, ndi kavidiyo ka pafoni, chifukwa ana ambiri amalankhula bwino akakhala pamaso pa dokotala. Pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu kumene angakulumikizeni ndi wothandiza za kalankhulidwe. Akatswiriwa ndi ochepa ndipo mzere umatalika, n'chifukwa chake ndi bwino kulembetsa msanga. Chikatha muli pamzere, palibe chimene mwataya.

Chomaliza ndi chofunika kwambiri. Ngati kalankhulidwe kasokonekera mwadzidzidzi mwana atagwa n'kumenyetsa mutu, atakomoka, kapena atadwala malungo aakulu, makamaka ngati dzanja kapena mwendo wafooka, imeneyo si nkhani yodikira. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.