Phala, koma phala lanji?

Mawu akuti phala amatanthauza ufa wophikidwa m'madzi mpaka kupsa koma osalimba, woti n'kumwa ndi sipuni. Komanso mayi wophika nsima amayamba ndi phala, kulisiya liwire, kenako n'kuvundula. Phalali ndi losakolera chilichonse, ndipo palibe amaliika m'mbale. Choncho wojambula kavidiyo ka kuphika ku Petauke kapena ku Nyimba akangolemba mutu wakuti "Phala", woonera sadziwa chimene akulonjezedwa.

Mutu wabwino umatchula ufa ndi chokoleretsa: "Phala la mgaiwa la nshawa". Mgaiwa ndi ufa wa chimanga chogayitsa chosakonola, wosiyana ndi bulekifasi woyera wa m'sitolo, ndipo umafuna nthawi yotalikirapo pamoto. Nshawa ndi zimene a ku Malawi amati mtedza, monganso ufa umene ambiri kuno amati unga. Ine ndingaike mawu akwathu pamutu, enawo m'munsi, kuti wofufuza wa ku Lilongwe nayenso akapeze kavidiyoko.

Kufotokoza kwa m'munsiko kunene miyeso: "Sungunulani theka la kapu ya mgaiwa m'madzi ozizira, thirani m'makapu atatu a madzi ofunda, takasani ndi mthiko mpaka liwire. Onjezani masipuni atatu a nsinjiro ndi kamchere, lipse kwa mphindi 20 pamoto wochepa." Za madzi ozizirazo musazisiye, chifukwa ufa wouma ukagwera m'madzi owira umachita mibulu. Phala lonunkha ufa ndiye kuti silinapse, libwezereni pamoto.