Malipiro a mwezi ndi mwezi pa chiwongoladzanja cha miyezi itatu

Awa ndi malipiro ofanana operekedwa mwezi uliwonse, pomwe chiwongoladzanja chimaphatikizidwa ku ndalamazo kamodzi pa miyezi itatu. Powerengera, timayamba tapeza chiwongoladzanja cha mwezi umodzi, j, chomwe chikadziunjikira katatu chimafanana ndi cha miyezi itatu, i:

j = (1 + i)^(1/3) − 1

Ngati i ndi 3 peresenti, j ndi 0.9902 peresenti. Munthu wosunga K10,000 kumapeto kwa mwezi uliwonse adzakhala ndi K126,756 pakutha chaka.

Ambiri amangogawa 3 peresentiyo patatu n'kupeza 1 peresenti, koma kutero n'kulakwa. Yankho limakwera kufika K126,825, chifukwa 1 peresenti ikadziunjikira katatu imapitirira 3 peresenti. Kusiyanaku n'kochepa pa chaka chimodzi, koma kumakula zaka zikachuluka.